Ndowe za pa chithunzi: mmene mungadziwire nyama imene yalowa m'munda mwanu

Chaka chilichonse, kuyambira chimanga chikamamasula ngayaye mpaka chitalowa m'nkhokwe, alimi amatumizirana zithunzi za ndowe pafoni n'kumafunsana kuti chimene chalowa m'munda usiku n'chiyani. Mayankho ake amabwera ambiri ndiponso otsutsana: wina akuti ndi mbuzi, wina akuti ndi gwape, winanso akulumbira kuti ndi nungu. Ndaona kuti kawirikawiri vuto silikhala kusadziwa nyama kwa oyankhawo, koma chithunzi chenichenicho, chifukwa ndowe za khoswe zojambulidwa pafupi kwambiri zimaoneka zofanana ndi za nyama yaikulu zojambulidwa patali. Nkhaniyi si yaing'ono, popeza chithunzi chowerengedwa molakwika chimafikitsa anansi kubwalo la amfumu pa mlandu wa mbuzi zimene sizinalowe n'komwe m'mundamo.

Chimene chithunzi chabwino chingakuuzeni motsimikiza ndi gulu la nyamayo: ngati ndi yodya udzu, yodya nyama, yodya zonse, mbalame kapena chokwawa, komanso kukula kwake. Dzina lenileni la nyamayo limadziwika mukaphatikiza ndowezo ndi mapazi ake ndiponso mmene mbewu zaonongekera.

## Chizindikiro choyamba: chithunzi sichikuonetsa kukula kwenikweni

Vuto ili ndilo limabala ena onse, choncho liyenera kukonzedwa musanayambe kutchula mayina a nyama. Zoyambitsa zake ndi izi, kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri:

1. Palibe choyezera chilichonse pa chithunzicho. Bwererani pamalopo ndipo muike rula ya ana asukulu pambali pa ndowezo. Ngati rula palibe, bokosi la machesi limathandiza, chifukwa ambiri ndi aatali pafupifupi masentimita 5, ngakhale ndi bwino kuyeza lanulo kamodzi kuti mudziwe. Batire laling'ono la wailesi lolembedwa AA nalo ndi lalitali masentimita 5.
2. Choyezeracho chagwiridwa m'manja m'malo mogonekedwa pansi. Chinthu chimene chili pafupi ndi kamera chimaoneka chachikulu, ndipo ndowezo zimaoneka zazing'ono kuposa mmene zilili. Ngati foni ili masentimita 30 kuchokera pansi ndipo bokosi mwaligwira pakati pa mtundawo, lidzaoneka lalikulu kawiri, motero ndowe za masentimita 4 mudzaziyesa za masentimita 2.
3. Chithunzi chajambulidwa chammbali, wojambula ataima chapatali. Ndowe zazitali zikaloza kumene kuli kamera zimaoneka zazifupi ndiponso zozungulira. Imani pamwamba pake penipeni, foni itayang'ana pansi mowongoka.
4. Choyezeracho n'chosadalirika. Chala, phazi, tsamba kapena chitsononkho zimasiyana kukula, ndipo ndalama yachitsulo imasokoneza ngati woona chithunziyo sakudziwa kuti ndi iti. Chitupa cha unzika chili ndi muyeso wodziwika, koma musachijambule, popeza mukatero mukufalitsa dzina ndi nambala yanu.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Yezani ndi rula kutalika kwa ndowe pa galasi la foni, yezaninso kutalika kwa choyezera pa chithunzi chomwecho osachikulitsa kapena kuchichepetsa, gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri, kenako chulukitsani ndi kutalika kwenikweni kwa choyezeracho. Pa ndowe zazitali, kunenepa kumanena zambiri kuposa kutalika, chifukwa nyama imodzimodziyo imatha kusiya zazifupi lero ndi zazitali mawa, pamene kunenepa kumatsata kukula kwa thupi lake. Pa timibulu, yezani tisanu kapena khumi, osati kamodzi kokha.

Jambulani zithunzi zitatu: chimodzi chapatali choonetsa malo onse ndi mbewu zoonongekazo, china chapafupi chokhala ndi choyezera, ndipo chachitatu mutaswa ndoweyo ndi kamtengo kuti zam'kati zioneke. Chachitatuchi ndicho anthu ambiri amachinyansidwa nacho n'kuchisiya, komatu ndicho chimathetsa mikangano yambiri.

## Chizindikiro chachiwiri: tinthu takuda tating'ono m'nkhokwe kapena pa matumba

1. Makoswe. Ndowe zake ndi zazitali pafupifupi sentimita 1 kapena kupitirira pang'ono, zosongoka kunsonga, ndipo zimamwazika m'mphepete mwa khoma ndi pa mitengo ya denga. Zatsopano zimakhala zonyezimira ndi zofewa, zakale zimatuwa. Mudzapezanso thumba lobooka ndi njere za chimanga zodyedwa pamtima pokha.
2. Mbewa zazing'ono za m'nyumba. Zake ndi za mamilimita 3 mpaka 6, ngati njere ya mpunga yakuda, ndipo zimakhala zochuluka kwambiri.
3. Mileme yodya tizilombo. Kukula kwake n'kofanana ndi za mbewa, koma zimaunjikana pamalo amodzi kunsi kwa mpata wa denga, ndipo mukazikanikiza ndi kamtengo zimanyenyeka kukhala fumbi lokhala ndi tizidutswa tonyezimira ta mapiko a tizilombo. Za mbewa zikauma zimalimba ndipo sizinyenyeka chotero. Mileme imeneyi sidya chimanga, choncho misampha ya makoswe sidzathandiza kanthu.
4. Nalimata kapena buluzi. Kansonga koyera pa ndowe yakuda ndiko chizindikiro chake, chifukwa zokwawa ndi mbalame zimatulutsa mkodzo wouma woyera pamodzi ndi ndowe. Khoswe ndi mbewa sizitero.

Achule nawo amadabwitsa anthu, popeza amasiya ndowe yakuda ya masentimita 2 kapena kuposerapo pakhonde, imene ambiri amaiyesa ya khoswe wamkulu. Mukaiswa mumapezamo zikamba za tizilombo zokhazokha.

Kuti mudziwe ngati nyamayo ikubwerabe, nyowetsani malowo ndi madzi a sopo, sesani zonse, ndipo mukaonenso m'mawa. Musasese ndowe zouma za makoswe kapena mileme m'chipinda chotseka, chifukwa fumbi lake limalowa m'mapapo ndipo lingadwalitse.

## Chizindikiro chachitatu: timibulu m'mizere, mbewu zitadyedwa

Apa ndi pamene pamabuka milandu yambiri ya m'mudzi, choncho ndikhalitsapo.

1. Mbuzi kapena nkhosa. M'midzi yathu izi ndizo zoyamba kuziganizira, makamaka ziweto zikangomasulidwa pokolola kapena chingwe chikaduka. Timibulu take ndi takuda, tosalala, ta sentimita 1 mpaka 1.5, tosongoka mbali imodzi ndipo kawirikawiri tolowa pang'ono mbali inayo. Mbuzi imachita chimbudzi ikuyenda, motero timibuluto timatsatana m'njira. Masamba imawang'amba mokoka, chifukwa ilibe mano akutsogolo a m'mwamba, ndipo imatha kuimirira ndi miyendo iwiri kuti ifikire masamba a nandolo kapena a chinangwa.
2. Kalulu. Take ndi tozungulira ngati nsawawa, tophwatalala pang'ono, ta pafupifupi sentimita 1, totuwa, ndipo tizidutswa ta udzu timaoneka ndi maso ngati utuchi. Mbande za nyemba kapena soya amazidula mosalala chapansi ngati ndi lumo.
3. Nchenzi. Ganizirani nyamayi ngati munda uli m'dambo, pafupi ndi bango, nzimbe kapena mpunga. Ndowe za nchenzi yaikulu ndi zazitali pafupifupi masentimita 2 ndipo zambiri zimakhala ndi kangalande kutsata utali wake mbali imodzi. Chizindikiro chosakayikitsa ndi mapesi odulidwa mopendekera chapansi, ndi tizidutswa ta phesi tounjikidwa pamene imadyera.
4. Gwape kapena mbawala. Kunena zoona, chithunzi chokha sichingasiyanitse bwinobwino gwape ndi kamwana ka mbuzi. Timibulu ta gwape ndi tating'ono, ta sentimita 1 kapena kucheperapo, tosongoka kwambiri, ndipo timagwera mulu umodzi chifukwa amaima pochita chimbudzi. Ta mbawala ndi tokulirapo ndipo timakonda kumatana. Chokuthandizani ndi nthawi ndi malo: ngati ndowezo zili zatsopano mbandakucha, mbuzi zonse zikadali m'makola, ndipo munda wachita malire ndi nkhalango kapena manda okhala ndi mitengo yowirira, mbuzi zichotseni pa mlanduwo.
5. Nungu. Ndowe zake ndi zazitali, za masentimita 4 kapena kuposerapo, zonga zala, zodzaza ndi ulusi wa mizu ndi makungwa, ndipo nthawi zambiri zimalumikizana zingapo. Nungu amakumba chinangwa, mbatata ndi mtedza, amaboola maungu, ndipo amagwetsa phesi la chimanga kuti afikire chitsononkho.

Chitsanzo chimene ndinachiona ndi maso chinachitika m'munda wa malume anga, umene uli m'munsi mwa phiri la miyala. Iwo anapeza mitengo ya chinangwa itagwa ndipo ananditumizira chithunzi cha ndowe, bokosi la machesi ataligwira pakati pa zala. Nditayeza pa galasi la foni, bokosilo linali masentimita 6 ndipo ndowe imodzi inali 2.4. Kugawa 2.4 ndi 6 kunapereka 0.4, ndipo kuchulukitsa ndi masentimita 5 a bokosilo kunapereka masentimita 2. Muyeso umenewo unaloza kwa nchenzi, ngakhale malumewo anali atatsimikiza kale mumtima kuti ndi tonde wa mnansi wawo, ndipo anali atakonzeka kukatula nkhaniyo kwa amfumu. Chimene chinandikayikitsa n'chakuti mundawo uli kumtunda kouma kopanda bango, ndiponso kuti zala zawo zinkaoneka zazikulu modabwitsa pa chithunzicho.

Ndinawapempha kuti ajambulenso bokosilo litagona pansi, moyandikana ndi ndowezo. Ulendo uno bokosi linali masentimita 3 pa galasi ndipo ndowe yomweyo inali 2.7, kutanthauza kuti kutalika kwake kwenikweni kunali masentimita 4.5, kuposa kawiri muyeso woyamba uja. Titapita limodzi kumundako tinapeza kuti ndowezo zinali zolumikizana zitatuzitatu, m'kati mwake muli ulusi woyererako, chinangwa chitakumbidwa mbali imodzi ya tsinde n'kutafunidwa ndi mano aakulu osiya timizere tiwiritiwiri, ndipo pampata wa mpanda wa minga panali munga umodzi wa nungu wa mawanga akuda ndi oyera. Mbuzi sikumba chinangwa chotero. Malumewo anatseka mpatawo ndi miyala, anazula msanga mizere ya m'mphepete mwa phiri, ndipo nkhani ya tonde inathera pomwepo.

## Chizindikiro chachinayi: ndowe zazitali zokhala ndi ubweya kapena nthenga pafupi ndi khola

Nkhuku kapena mbuzi ikasowa, mwini wake amafuna dzina la wakubayo tsiku lomwelo, ndipo ndowe iliyonse yopezeka pafupi imasanduka umboni. Kumbukirani kuti chakudya chimatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kuposerapo, kuti chidutse m'mimba, motero nthenga zimene zili m'ndowe ya m'mawa uno mwina si za nkhuku imene yasowa usiku wathawu.

1. Galu. Ndiye woyamba kumuganizira ngakhale mwini wake atakana. Kunenepa kwa ndowe zake kumakhala pafupifupi masentimita 2 mpaka 3 malinga ndi kukula kwa galuyo, ndipo za galu wa m'mudzi zimakhala ndi madeya kapena zotsalira za nsima, zimene nyama yakutchire siipeza kawirikawiri.
2. Mphaka woweta kapena vumbwe. Zake ndi zoonda, zosafika masentimita 2, zogawika m'zigawo, ndipo kawirikawiri zimakwiriridwa ndi dothi kapena mchenga, pambali pali timizere ta zikhadabo.
3. Likongwe kapena mwiri. Ndowe zake ndi zoonda ngati pensulo, za pafupifupi sentimita 1, zopotoka, zokhala ndi ubweya wa mbewa ndi zikamba za tizilombo. Mwiri amakonda kuchita pamalo okwera, monga pa thanthwe kapena pa mphanda ya mtengo. Fufuzani khola lanu, chifukwa nyama zoterezi zimadutsa pa kabowo kamene inu simungakaganizire.
4. Fungwe, amene ena amati chombwe. Ameneyu amanamiza anthu kwambiri, popeza ndowe zake ndi zonenepa modabwitsa poyerekeza ndi thupi lake, ndipo amabwerera pamalo amodzimodzi mpaka pamakhala mulu waukulu wa zakale ndi zatsopano. M'kati mumakhala njere za zipatso monga nkhuyu ndi masuku, ubweya, ndiponso timphete toyera ta bongololo. Mukaona timphete timeneti mu mulu waukulu, kambuku muiwaleni.
5. Nkhandwe, njuzi kapena kambuku. Za nkhandwe zimafanana ndi za galu wamng'ono koma zimasakaniza ubweya, njere ndi tizilombo, ndipo zimasiyidwa poonekera monga pa chitsa cha udzu. Za njuzi zimadzaza ubweya wa mbewa. Za kambuku ndi zonenepa masentimita 2 mpaka 3 kapena kuposerapo, zogawika, zosongoka kumapeto, zodzaza ubweya wa nyama zokulirapo, ndipo mulibe njere za zipatso kapena madeya. Mapazi ndiwo amatsimikiza: a galu, nkhandwe ndi fisi amaonetsa zikhadabo, pamene a kambuku ndi njuzi kawirikawiri saonetsa.

Ndowe zoyera ngati choko zimafuna mawu akeake. Anthu akaziona amangoti ndi fisi, ndipo kawirikawiri amalondola, chifukwa fisi amatafuna ndi kugaya mafupa, motero ndowe zake zimayamba zili zobiriwirako n'kuyera mbee zikauma padzuwa. Zimakhala zamibulu ikuluikulu yonenepa kuposa za galu, ndipo afisi amakonda kuchita pamalo amodzi m'mphepete mwa njira. Komabe galu amene watola mafupa pamalo ophera nyama kapena pa phwando amasiyanso ndowe zoyera, zocheperapo chabe, ndiye chifukwa chake choyezera n'chofunika kwambiri pano. Phazi lakutsogolo la fisi ndi lalikulu moonekeratu kuposa lakumbuyo, ndipo zala zake ndi zokhota, zothithikana.

Mukapeza chibulu chotuwa cha ubweya wokhawokha, m'kati muli zigaza zathunthu za mbewa, kunsi kwa mtengo kapena denga la nyumba yakale, dziwani kuti si ndowe ayi. Ndi zimene kadzidzi amalavula akatha kudya, ndipo kwa mlimi ndi umboni wakuti pali wina amene akuchepetsa mbewa m'mundamo usiku uliwonse.

## Chizindikiro chachisanu: ndowe zokhala ndi njere za chimanga, munda utasakazidwa

Yambani ndi nkhumba zoweta zimene zathawa m'khola, kenako anyani ndi apusi, ndipo pomaliza nguluwe. Musaiwalenso munthu, chifukwa ndowe za nyani zimafanana kwambiri ndi za munthu kukula ndi fungo lomwe. Pepala kapena masamba opukutira pambali pake ndiwo amathetsa funso limenelo. Nyani amasiya zake pa miyala ndi pa chulu pamene amakhala poonera alonda, amabwera masana, ndipo amathyola zitsononkho zambiri n'kuzitaya atangoluma pang'ono. Za pusi ndi zoonda ngati chala chaching'ono. Nguluwe imabwera usiku, imagwetsa mapesi ndi kutembenuza nthaka ndi mphuno ngati pagaulidwa, ndipo ndowe zake ndi mibulu yomatana yokhala ndi ulusi wa mizu. Ngati mumaweta nkhumba ndipo mwapeza zizindikiro za nguluwe kapena njiri pafupi ndi khola, uzani alangizi a ziweto, chifukwa nkhumba zakutchire zimatha kusunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba popanda kudwala.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: ndowe m'dimba, padamu la nsomba kapena m'mbali mwa mtsinje

- Zikamba zoswekasweka za nkhanu, mamba ndi minga ya nsomba pa mwala kapena pa udzu wa m'mphepete mwa damu zikuloza kwa katumbu.
- Ndowe yakuda yokhala ndi chigawo choyera ngati laimu ndi ya ng'azi kapena njoka yaikulu. Ng'azi imasiya mzere wa mchira pakati pa mapazi a zikhadabo zazitali, pamene nsato imasiya mkukuluzi wotakata wopanda mapazi.
- Udzu wodukaduka womwazikira pa zitsamba ndi m'njira yochokera kumadzi ndi wa mvuu, imene imapukusa mchira pochita chimbudzi. Phazi lake lili ndi zala zinayi.
- Mibulu ikuluikulu ya masentimita 15 kapena kuposerapo, yodzaza timitengo, makungwa ndi njere zathunthu, ndi ya njovu. Iyi sifuna choyezera kuti muizindikire, koma choyezera chimathandiza kuona ngati pagulupo pali mwana, popeza timibulu tating'ono pakati pa ikuluikulu tikutanthauza kuti pali njovu yaikazi yolera, imene ndi yoopsa kwambiri.

## Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri: palibe chimene chikugwirizana

Choyambitsa chachikulu ndi nyengo. M'dzinja, msipu ukakhala wanthete, timibulu ta mbuzi, gwape ndi mbawala timamatana kukhala chibulu chimodzi chofewa chimene chimaoneka ngati cha nkhumba. Muchipatule ndi kamtengo ndipo mudzaona timibuluto m'kati. Mvula imasungunula ndowe, dzuwa la mwezi wa Okutobala limazifwetsa ndi kuzituwitsa, ndipo chiswe ndi tizilombo togubuduza ndowe timatha kuzisintha maonekedwe usiku umodzi. Mwana wa nyama yaikulu amasiyanso ndowe zofanana ndi za nyama yaing'ono. Kuonjezera apo, munda umodzi umayenderedwa ndi nyama zingapo, choncho amene wasiya ndowe sakhala nthawi zonse amene wadya mbewu.

Zikatere, lekani kulimbana ndi chithunzicho ndipo tcherani mapazi. Pezani mpata umene nyamayo ikulowera, salazani malo a mita imodzi mbali zonse, wazanipo phulusa losefa kapena mchenga wosalala wonyowa pang'ono madzulo, ndipo mukaone mbandakucha nkhuku ndi agalu zisanapondepo. Jambulani phazi limodzi looneka bwino, rula ili pambali pake, dzuwa likadali chammunsi kuti mthunzi uonetse m'mphepete mwa phazilo. Bwerezani kwa masiku atatu, chifukwa nyama zina sizibwera usiku uliwonse.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana odziwa

- Ndowe za njovu kapena mvuu zili zonyowa, zofunda kapena zikutuluka nthunzi. Nyamayo ili pafupi, choncho chokanipo mwakachetechete, chenjezani ena, ndipo musatsate mapazi ake kapena kuima pakati pa mvuu ndi madzi. Dziwitsani amfumu ndi ogwira ntchito ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Izi zikukhudza makamaka midzi yozungulira Kasungu, kumene kunasamutsidwira njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, komanso ya pafupi ndi Vwaza, Nkhotakota, Liwonde ndi m'mbali mwa Shire.
- Mukukayikira fisi kapena kambuku, makamaka ngati ziweto zasowa kangapo kapena mapazi afika pafupi ndi nyumba. Limbitsani khola, ana asayende madzulo, ndipo perekani zithunzizo kwa a zanyama zakutchire.
- Mukuganiza zothira poizoni monga tameki pa nyama yakufa kapena kutchera waya. Musatero. Poizoni amapha agalu, miimba ndi nyama zosalakwa, amaika ana pachiswe, ndipo kupha nyama yotetezedwa ndi mlandu pansi pa lamulo la nyama zakutchire, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017.
- Ndowezo ndi za ziweto zanu zomwe ndipo zili ndi magazi, mamina kapena nyongolotsi, kapena nkhuku zikutsegula zitosi zobiriwira n'kumafa motsatizana, zimene zingakhale chitopa. Itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.
- Mwapeza nyama yakufa yokha, magazi akutuluka m'mphuno kapena kumalo ochitira chimbudzi. Musaisende, musaidye, ndipo agalu asaiyandikire, chifukwa angakhale matenda a anthirakisi, amene anapha mvuu zambiri ku Liwonde chakumapeto kwa 2018 ndipo amagwiranso anthu.
- Galu, nkhandwe kapena fisi akuyenda masana mosaopa anthu, kapena waluma munthu. Chiwewe chimafala kudzera m'malovu, osati m'ndowe, motero chithunzi sichingakuuzeni kanthu pa nkhaniyi. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala msanga.

Pogwira ntchito yonseyi musakhudze ndowe ndi manja kapena kuzinunkhiza pafupi, popeza za agalu ndi nyama zina zodya nyama zimakhala ndi mazira a nyongolotsi osaoneka ndi maso, amene amadwalitsa anthu ndi ziweto zomwe. Gwiritsani ntchito kamtengo, valani jumbo kumanja ngati mukutola, ndipo tsukani rula ndi manja ndi sopo mukamaliza. Ngati alangizi apempha kuona ndowe zenizenizo, ziumitseni pamthunzi kutali ndi ana ndi nkhuku, ziikeni mu envulopu ya pepala osati mu jumbo momwe zingachite nkhungu, ndipo mulembe kunja kwake tsiku, malo, mbewu imene yadyedwa ndi muyeso umene munapeza.